Siling'i, ubweya wa galasi ndi malata: kuwerengera kutentha kothawira kudenga

"Ndimaweta nkhuku kuno ku Dedza. Chipinda chofungatiramo anapiye ndi cha mamita 4 ku 5, denga lake ndi la malata lopendekera mbali imodzi, ndipo pansi pa malatawo, pa mpata wa mamilimita 150, pali siling'i ya pulayiwudi ya mamilimita 6. Mkati ndimafuna madigiri 30 koma mbandakucha mu Julaye panja amatsika mpaka 8. Wogulitsa akuti ndiike ubweya wa galasi wa mamilimita 100, koma thumba langa likukwana wa 50. Ndingadziwe bwanji kutentha komwe ndikutaya, ndipo wa 50-wo ndi wokwanira?"

Mayi, gulani wa 50-wo, koma muuyale bwino. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake ndi maso anu, ndipo kakyuleta ya pa foni ndi yokwanira.

Kutentha kochoka m'chipindamo kupita kumwamba kulibe njira yachidule. Kuyenera kudutsa siling'i, kenako ubweya, kenako mpweya wa mumpata, kenako lata. Chilichonse mwa zimenezi chimakuchedwetsako pang'ono, monga momwe mabulangete atatu pabedi amafundira kuposa limodzi. Mphamvu yochedwetsa imeneyi amaitchula ndi chilembo R, ndipo popeza kutentha komwe kwadutsa chinthu choyamba ndi komweko kodutsa chachiwiri, ma R a zinthu zosanjikizana amangowonkhetsedwa. R ya chinthu chimodzi imapezeka pogawa kuchindikala kwake ndi nambala yotchedwa k, yomwe imasonyeza momwe chinthucho chimalolera kutentha kudutsa. Pa mapaketi ena nambalayi amailemba ndi chizindikiro λ.

```
R = d / k
Q = A × ΔT / (R1 + R2 + R3 + ...)
```

Apa d ndi kuchindikala m'mamita, A ndi kukula kwa denga m'masikweyamita, ΔT ndi kusiyana kwa madigiri a mkati ndi a panja, ndipo Q ndi kutentha kotayika m'mawati. Kwa inu A ndi 20, ΔT ndi 22, choncho nambala yapamwamba ndi 440 ndipo siisintha. Chosintha ndi chapansi chokha.

Tiyambe ndi lata. Chitsulo chili ndi k ya pafupifupi 50, ndipo lata la mamilimita 0.3 ndi mamita 0.0003. Kugawa kukupatsani 0.000006, yomwe ndi ziro basi. Kusintha geji ya malata sikungafunditse chipinda ngakhale pang'ono. Pulayiwudi ali ndi k ya pafupifupi 0.13, ndiye 0.006 kugawa ndi 0.13 ndi pafupifupi 0.05. Ubweya wa galasi uli ndi k ya pafupifupi 0.040, ndiye wa mamilimita 50 ukupereka 1.25, wa 100 ukupereka 2.5. Samalani posintha mamilimita kukhala mamita. Mukalemba 50 m'malo mwa 0.05, yankho lidzati denga lanu silitaya kanthu, ndipo limeneli ndi bodza.

Pali zigawo zitatu zomwe sizigulidwa kusitolo koma ziyenera kulowa m'chiwerengero. Kunsi kwenikweni kwa siling'i kumamatirira kampweya kosayenda kwambiri, ndipo pamwamba pa lata palinso kena kopyapyala chifukwa mphepo imakasesa. Muyezo wa ISO 6946 umapereka 0.10 kwa ka mkati pamene kutentha kukukwera m'mwamba, ndi 0.04 kwa ka panja. Mpweya wotsekeredwa mumpata umapatsidwa 0.16. Ambiri amadabwa kuti mpata waukulu chotero ukupereka kanambala kochepa, koma mpweya ukafunda pansi umakwera n'kumazungulira, ndipo siling'i imawalitsanso kutentha molunjika ku lata. Mpata wa mamilimita 25 ndi wa 150 umapereka 0.16 yemweyo.

Tsopano tiwonkhetse denga lokhala ndi ubweya wa 50.

```
kampweya ka mkati     0.10
pulayiwudi 6 mm       0.05
ubweya 50 mm          1.25
mpata wa mpweya       0.16
lata 0.3 mm           0.00
kampweya ka panja     0.04
zonse                 1.60

Q = 440 / 1.60 = 275 W
```

Denga lanu momwe lilili lero, lopanda ubweya, lili ndi R ya 0.35, ndipo 440 kugawa ndi 0.35 ndi mawati pafupifupi 1,257. Mukanakhala opanda siling'i n'komwe, R ikanakhala 0.14 yokha ndipo mukanataya mawati oposa 3,100. Ndi ubweya wa 100, R imakwera kufika 2.85, kutayako n'kutsika kufika mawati 154.

Yankho la funso lanu lagona pa kuchotsera. Mamilimita 50 oyamba akuchotsa mawati 982, kuchoka pa 1,257 kufika pa 275. Mamilimita 50 achiwiri, amtengo womwewo, akuchotsa 121 okha. Wogulitsa sakunama kuti wa 100 ndi wabwino koposa, koma phindu lalikulu lili m'gawo loyambalo. Ngati kuzizira kukanakhala kofanana kwa maola 12, denga la lero likanadya mayunitsi 15 a magetsi usiku umodzi, pamene la ubweya wa 50 likanadya 3.3. Zenizeni zidzacheperako chifukwa madigiri 8 amafika m'mamawa mokha, osati usiku wonse.

Papepala loperekedwa ndi ogulitsa mungaonenso nambala yotchedwa U. Imeneyi ndi 1 kugawa ndi R yonse, ndiye denga lathu lili ndi U ya 0.625. Ma U a zinthu zosanjikizana sawonkhetsedwa. Mukatero, denga lidzaoneka ngati likutaya kwambiri pamene mwawonjezera chofunditsa, zomwe n'zosatheka. Chenjeraninso ndi katundu wolembedwa m'miyezo ya ku Amereka, monga R-13. Nambala zotere muzigawe ndi 5.68, ndiye R-13 ndi 2.3 m'miyezo yathuyi.

Mawati 275 aja ndi a denga langwiro, ndipo denga langwiro kulibe. Choyamba, malata a mizere amasiya timabowo pamwamba pa khoma, ndipo ngati mphepo ikulowa n'kutuluka momasuka mumpatamo, mpweyawo si wotsekeredwanso. Lamulo pamenepo ndi kufufuta mpata ndi lata m'chiwerengero, n'kuika 0.10 m'malo mwa 0.04 pamwamba pa ubweya. R imakhala 1.50 ndipo kutaya kumakhala mawati 293. Kusinthako n'kochepa chifukwa ubweya ndiwo ukugwira ntchito yambiri, koma padenga lanu la lero kusintha komweko kumatsitsa R kuchoka pa 0.35 kufika pa 0.25, n'kukweza kutaya kufika mawati 1,760. Mwina mukutaya zambiri kuposa momwe tinawerengera poyamba.

Chachiwiri ndi mitengo yomwe siling'i yakhomedwapo. Ubweya ukayalidwa pakati pa mapulanga, kutentha kumapeza njira ziwiri zoyandikana, ya mu ubweya ndi ya mu thabwa. Njira zoyandikana sizitsata lamulo lowonkhetsa ma R. Iliyonse imawerengedwa payokha, kenako mumaphatikiza mawati. Tiyerekeze kuti mapulanga ndi ochindikala mamilimita 50 ndipo atenga gawo limodzi mwa magawo khumi a siling'i. R ya thabwa ndi 0.05 kugawa ndi 0.13, yomwe ndi 0.38, ndipo njira yonse yodutsa m'thabwa ndi 0.73.

```
mu ubweya:  18 × 22 / 1.60 = 248 W
mu thabwa:   2 × 22 / 0.73 =  60 W
zonse                      = 308 W
```

Malo osiyidwa opanda ubweya amaononga kuposa pamenepa. Sikweyamita imodzi yokha yosaphimbidwa, kaya m'makona, kaya pa chitseko chokwerera kusiling'i, imataya mawati 63 pamene ikanataya 14. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti kayalidwe n'kofunika kuposa mamilimita owonjezera: dulani ubweya mopitirirako pang'ono kuti ugwire mapulanga mbali zonse, mufikitse mpaka kukhoma, ndipo musaupondereze. Chomwe chimafunditsa ndi mpweya wogwidwa pakati pa timaulusi, choncho ubweya wa 50 wopsinjidwa ndi matabwa osungidwa kudenga kufika pa 25 wataya pafupifupi theka la R yake. Pouyala, valani magolovesi ndi chophimba kumphuno, chifukwa umayabwa.

Chiwerengero chomwechi chimakuuzaninso madigiri a pamalo aliwonse m'dengamo, ndipo apa ndi pomwe oweta nkhuku ayenera kutchera khutu. Gawani 22 ndi 1.60, mupeza mawati 13.75 pa sikweyamita. Chulukitsani nambalayi ndi R ya gawo lililonse kuti muone madigiri otsika pamenepo. Kunsi kwa siling'i kuli 28.6, pamwamba pa pulayiwudi 27.9, pamwamba pa ubweya 10.7, ndipo lata lili pa 8.5. Usiku wopanda mitambo lata limazizira kuposa apa, ngakhale kuposa mpweya wa panja, chifukwa limawalitsa kutentha kwake kuthambo. Mpweya wa m'chipinda cha anapiye ndi wachinyontho chifukwa cha kupuma kwawo, zomweramo ndi zitosi. Ukakhala pa madigiri 30 ndi chinyontho cha 60 peresenti, umayamba kuchita mame ukakhudza chinthu chozizira kuposa madigiri 21. Ukangodutsa m'ming'alu ya siling'i, umasanduka madzi mkati mwa ubweya kapena kunsi kwa lata, n'kudonthera pansi. Ubweya wonyowa sufunditsa, ndipo 1.25 uja amangotsala papepala.

Mankhwala ake ndi pepala la pulasitiki loyalidwa mbali yofunda, ndiye kuti pamwamba pa pulayiwudi koma pansi pa ubweya, m'malumikiziro muli mopitanitsa ndi momata ndi tepi. Musaliike pamwamba pa ubweya, chifukwa pamenepo lidzatsekera madzi mkati. Timabowo ta malata tija musatitseke ndi matope. Ingoikani waya wa sefa kuti makoswe ndi mbalame zisalowe, mpata uziuma. Madontho akuda pa siling'i, pulayiwudi wofufuma, ndi kudontha m'mamawa kopanda mvula ndi zizindikiro zoti chinyontho chikudutsa. Mutha kudziyesera ntchito yanu ndi choyezera kutentha cholozera patali: usiku wozizira kunsi kwa siling'i kuzikhala kozizirirapo ndi digiri imodzi kapena ziwiri zokha poyerekeza ndi mpweya wa pafupi nayo. Pomwe papitirira madigiri 5, ubweya palibe kapena wanyowa.

Denga likatsika kufika pa mawati 300, silikhalanso lotaya kwambiri m'chipindamo. Ngati siling'i ili mamita 2.5 kuchokera pansi, chipinda chanu chili ndi mpweya wa makyubikimita 50, ndipo kuusintha wonse kamodzi pa ola kumatenga mawati pafupifupi 360 kumalo otsika, kapena pafupifupi 300 ku Dedza komwe mpweya ndi wopepukirapo chifukwa cha kukwera. Mpweya umenewu musauumire. Anapiye amaufuna, ndipo ngati mumafunditsa ndi mbaula ya makala, chipinda chotsekedwa kotheratu chimapha anapiye ndi munthu yemwe. Ndalama yomwe mukanagulira mamilimita 50 achiwiri ipite ku pulasitiki, tepi ndi kuphimba chitseko cha kusiling'i, kenako muwerengere makoma mwa njira yomweyi, pogwiritsa ntchito 0.13 m'malo mwa 0.10 kwa kampweya ka mkati popeza kumeneko kutentha kumayenda cham'mbali.