Gulu lathu layambanso kukangana, kodi masiteji aja ndi abodza?

"Ndimatsogolera gulu la anthu 6. Poyamba tinakanganako, kenako kwa miyezi 8 zinthu zinali myaa. Mwezi watha kunabwera mnzathu watsopano, ndipo pano msonkhano uliwonse ndi phokoso. Kodi masiteji a gulu amene tinaphunzira aja ndi abodza?"

Si abodza ayi, achimwene. Kungoti ambiri timawaphunzira ngati makwerero oti ukaponda sitepe imodzi sudzaionanso.

Bruce Tuckman, katswiri wa za maganizo a anthu, anatchula masiteji 4 amene gulu limadutsamo mu 1965: kudziwana, kukangana, kugwirizana kachitidwe ka zinthu, ndi kugwira ntchito bwino. Ya 5, yobalalikana, anaiwonjezera mu 1977 pamodzi ndi Mary Ann Jensen. Tuckman anawerenga kafukufuku wa ena pafupifupi 50, ndipo ambiri anali okhudza magulu olandira uphungu ndi magulu a maphunziro, osati anthu a mu ofesi amene amalowa ndi kutuluka chaka chonse.

Tsono taonani chimene siteji yachitatu imachita. Mkangano woyamba uja unali wa mafunso enieni: womaliza kulankhula ndani? Wina akachedwetsa ntchito timatani? Munthu timamudzudzula pagulu kapena pambali? Anthu 6 aja anapeza mayankho, ndipo mwina sanawalembe paliponse. Wa nambala 7 kunalibe pamene munkamvana zimenezo.

Tiyerekeze kuti kwanuko munazolowera kuti lipoti lisanatumizidwe, mayi wina amene wakhalitsa pagulupo amayamba waliona. Watsopanoyu sakudziwa, wangolitumiza. Mayi aja pamsonkhano angoti ndwii, cholembera chili m'manja. Wina, amene kuyambira kale ankaona kuti kudikira mayiwo kumachedwetsa ntchito, wapeza mpata: "Komatu mnzathuyu sanalakwe." Funso limene linagona ladzukanso. Gulu la anthu 7 ndi gulu lina, ndipo likudutsa m'njira yomweyo. Zimachitikanso mtsogoleri akasintha, kapena ntchito yeniyeniyo ikasintha.

Mvetserani bwino chimene akukanganira. Ngati ndi maudindo ndi kachitidwe ka ntchito, ndipo munthu aliyense amasintha mbali malinga ndi nkhani, imeneyo ndi siteji yachiwiri yabwereranso. Khalani pansi nonse, mutchule mokweza malamulo osalembedwa aja, watsopanoyo afunse chifukwa chake, ndipo musankhe oti atsale. Kawirikawiri sizitenga nthawi ngati poyamba, poti akale aja amakhulupirirana kale.

Koma pali china chimene chimandidetsa nkhawa. Nthawi zina bata la miyezi 8 silikhala mgwirizano, amangokhala anthu otopa amene anasankha kukhala chete. Mudzazindikira ngati madandaulo akutuluka ndi akalekale, osakhudza mlendoyo n'komwe. Ndipo ngati ndi anthu awiri omwewo amene amalumana pa nkhani iliyonse, kapena wina akusenzetsedwa ntchito yoposa ya anzake, musadikire kuti siteji idutsa yokha. Aitaneni pambali sabata ino, mumve mmodzimmodzi.