Mukufuna woyang'anira nkhokwe? Lembani matumba, makiyi ndi malipiro

*Ndimagula soya ndi chimanga kuno ku Mchinji, ndipo nkhokwe yanga imalowa matumba 6,000. Ndinalengeza pa WhatsApp kuti ndikufuna "munthu wokhulupirika, wolimbikira, woyang'anira nkhokwe". Makalata anabwera mulu, koma ambiri ndi alonda ndi ana ongomaliza Fomu 4. Ndilembe bwanji kuti abwere odziwa ntchitoyi? — Mayi wa geni ya mbewu, Mchinji*

Mayi, palibe wofuna ntchito amene amadziona kuti ndi wosakhulupirika, n'chifukwa chake aliyense analemba. Mawu osefa anthu ndi aja onena zomwe munthuyo azichita ndi manja ake, ndi zomwe mudzam'funse zikasokonekera.

Musanalembe kanthu, khalani pakhomo la nkhokweyo tsiku limodzi la msika wotentha, kope lili m'manja. Lole ikafika, amawerenga matumba ndani? Amaima pa sikelo ndani? Amasaina ndani kuti katundu walandiridwa? Makiyi amagona kwa yani? Mayankho akewo ndiye ntchito yomwe mukulembera munthu. Mukapeza kuti zomwe mukufuna ndi kulemba m'buku basi, ndiye kuti mukufuna kalaliki. Woyang'anira amalamula aganyu, amakonza ndondomeko ya malole, ndipo ali ndi mphamvu yobweza mbewu yosauma ngakhale mwini wake akhale msuweni wanu.

Chilengezo chanu chikhoza kuyamba chonchi:

"Tikufuna woyang'anira nkhokwe ya soya ndi chimanga pa boma la Mchinji, yolowa matumba 6,000 a makilogalamu 50. Azilandira ndi kuyeza katundu, kuyeza chinyezi asanalandire, kulemba cholowa ndi chotuluka tsiku lomwelo, ndi kutulutsa matumba akale poyamba. Aziyang'anira aganyu 8 ndi alonda awiri. Loweruka lililonse aziwerenga sitoko pamodzi ndi wowerengera ndalama n'kupereka lipoti kwa mwini bizinesi."

Taonani zomwe manambalawo akuchita. Matumba 6,000 ndi matani 300. Amene anangosungako kagolosale akawerenga zimenezi adzibweza yekha, pomwe amene anagwirako pa depoti ya ADMARC kapena ku nkhokwe za ku Kanengo adziwa kuti ntchito ndi yake.

Pa zoyenereza m'pamene ambiri amalakwitsa. Amakopera chilengezo cha kampani yaikulu, n'kulemba digiri ndi zaka zisanu, malipiro ali a kalaliki. Wa digiriyo abwera, akhala miyezi itatu, n'kuthawira ku Lilongwe mbewu zili pakati. Ine ndikanalemba zofunika zitatu zokha: MSCE yokhala ndi masamu, zaka ziwiri akugwira m'nkhokwe ya mbewu, ndi kudziwa kulemba sitoko m'buku kapena pa Excel. Dipuloma ya zogula ndi kusunga katundu muiike padera, munene kuti ndi yongowonjezera mwayi. Kudziwa kusanja matumba pa mapaleti motalikirana ndi khoma, ndi kuzindikira anankafumbwe asanafalikire, kumaposa pepala pa ntchito ngati yanuyi.

Malipiro alembeni, kuyambira pakuti kufika pakuti. Ndikudziwa kuti ambiri amaopa opikisana nawo, koma "tidzakambirana" amathamangitsa munthu amene ali kale pa ntchito, yemwe ndi amene mukum'funa. Nenaninso za nthawi mosabisa: kuyambira Meyi mpaka Ogasiti malole amafika ngakhale madzulo. Lamulo la ntchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yokhazikika, opitirira pamenepo ndi ovataimu yolipidwa. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, ndipo pa penshoni inu mumaika 10 peresenti ya malipiro ake, iye 5 peresenti. Werengerani zimenezi musanatchule malipirowo.

Nkhani ya shoteji musaisiye kuti idzatulukire pa mkangano. Mbewu ikamauma imapepuka, ndiye matumba akhoza kukwana koma makilogalamu n'kuperewera popanda wakuba. Lembani kuti ayankha pa chiwerengero cha matumba, ndipo za kuchepa kwa kulemera mudzagwirizana malire ake m'kontirakiti. Musam'patsenso zonse: woyeza ndi kusunga makiyi asakhale yemwenso wolipira alimi. Odziwa ntchito amakonda kuona mzere umenewu, chifukwa umawateteza iwo omwe.

Kumapeto ikani tsiku lotseka, komwe atumize kalata, pempho loti atchule mayina awiri a omwe anawagwirirako ntchito, ndi mawu oti palibe cholipira pofunsira. Kenako onjezani funso limodzi loti aliyense ayankhe m'kalata yakeyo: "Buku likuti matumba 420, mwawerenga mwapeza 412. Muyambira pati?" Wodziwa ntchito ayamba ndi kuwerenganso mulu, kenako afananize mapepala a malole omwe anatuluka sabata imeneyo ndi buku la alonda pageti. Amene angolemba kuti "ndikanena kwa abwana", kalata yake iikeni pambali.