Chikuto chimodzi, magawo anayi: kukonza zithunzi zotsatizana za sabata ndi sabata

"Zikomo, ndili ndi funso. Ndimayang'anira tsamba la bungwe lathu laling'ono kuno ku Salima. Timagwira ntchito za madzi ndi ukhondo m'midzi ya kunyanja, cha ku Senga Bay ndi Lifuwu. Akuluakulu andiuza kuti Lachitatu lililonse ndiziika zithunzi zotsatizana zija munthu amakankha ndi chala, pa Instagram ndi pa Facebook, ndipo zizioneka kuti n'zathu. Ndinayesa masabata atatu mitu n'kundithera, komanso chikuto chilichonse chinatuluka mwa mtundu wake. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambirani pa kope ndi cholembera, foni ikhale kaye pambali. Mitu imatha msanga ngati mukuisaka Lachiwiri usiku, mawa lake muli poika. Sankhani magawo anayi amene azisinthana mwezi wonse. Kwa bungwe ngati lanu angakhale awa: sabata yoyamba madzi a pakhomo, yachiwiri matenda a nyengo, yachitatu mawu a anthu a m'mudzi, yachinayi zimene bungwe lachita ndi ndalama zimene zalowapo. Gawo lililonse lidzabwera ka 12 pa chaka. Musanalivomereze, lipimeni chonchi: khalani mphindi 10 n'kulemba mitu yonse imene ingalowemo. Ikapanda kukwana isanu ndi umodzi, gawolo ndi lopapatiza ndipo lidzakutherani chaka chisanafike pakati. "Kusamba m'manja" si gawo, ndi mutu wa sabata imodzi. "Madzi a pakhomo" ndi gawo, chifukwa muli mjigo, ndowa yosavundikira, chikho chotungira, mankhwala othira m'madzi, thumba la komiti ya mjigo ndi zina zambiri.

Konzani miyezi itatuitatu. Miyezi itatu ili ndi masabata 13, pamene magawo anayi akazungulira katatu amadya 12. Sabata yotsalayo musaidzaze. Ndi ya zogwa mwadzidzidzi, monga mitsinje ikasefukira m'dzinja zimbudzi n'kugwa, kapena akuchipatala akalengeza za kolera. Masiku odziwika kale alembeni pa kalendala msanga kuti agwere gawo lake: 22 Malichi ndi tsiku la madzi, 15 Okutobala la kusamba m'manja, 19 Novembala la zimbudzi.

Tsopano chikuto, pamene ndichedwepo chifukwa ndi pamene ambiri amasochera. Chikuto chiumbidwe kamodzi, ngati chikombole cha njerwa, ndipo sabata iliyonse muzingosintha zinthu zinayi: chithunzi, mutu, nambala ndi mtundu wa gawo. Zina zonse zikhale pamalo pake mpaka miyezi itatu itatha, ngakhale inuyo mutatopa nacho. Inu mumachiona kakhumi pa tsiku, koma wowerenga amachiona kamphindi kochepa kamodzi pa sabata, ndipo nthawi imene inu mwayamba kuboweka nacho ndi imene iye wayamba kumene kuchizindikira.

Mu Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi, tsegulani tsamba la mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1350 m'litali. Ligaweni motere kuchokera pamwamba: 700 oyamba akhale a chithunzi, pansi pake kalamba ka mapikiselo 90 kokhala ndi dzina la mndandanda wanu ndi nambala, tinene "Madzi Athu, 14", kenako malo a mutu mpaka pa 1215, 135 otsala m'munsi akhale a chizindikiro cha bungwe ndi kamuvi kosonyeza kuti kutsogolo kuli zina. Manambalawa ali ndi chifukwa. Kuyambira mu 2025 Instagram imaonetsa zithunzi pa tsamba lanu m'timabokosi totalikirapo, ta 3:4, motero chithunzi cha 1080 ndi 1350 chimametedwa mapikiselo pafupifupi 34 mbali iliyonse. Siyani mpata wa 100 kumanja ndi kumanzere, mawu asafikeko. Facebook nayo ikamaunjika zithunzi zingapo pamodzi imazimeta, kawirikawiri pamwamba ndi pansi. Ndiye chifukwa chake mutu ndi dzina tawaika chapakati, ndipo m'munsimo taikamo zinthu zimene ngakhale zitadulidwa uthenga sufa.

Mawu a Chichewa ndi ataliatali, ndipo zikombole zambiri za mu Canva zinapangidwira mawu afupiafupi a Chingerezi. Zilembo zonenepa za mapikiselo 90 zimalowa pafupifupi 17 pa mzere umodzi wa mapikiselo 880. Mizere itatu ndiye malire, kutanthauza mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Musanakhazikike pa mtundu wa zilembo, lembani "osagwiritsidwa" ndi "Malaŵi" muone. Loyambalo likuonetsani ngati mawu aatali akukwana osathyoka, lachiwirilo ngati zilembozo zili ndi ŵ, chifukwa zina zimaika kabokosi kopanda kanthu kapena chilembo cha mtundu wina. Mutu ukakana kulowa, fupikitsani mawu. Musachepetse zilembo, poti mukatero kamodzi mudzatero sabata iliyonse, ndipo zikuto zidzayambanso kusiyana.

Gawo lililonse likhale ndi mtundu wake wakuda bii kuti mawu oyera aoneke, ndipo manambala ake muwalembe m'kope, osati kumayerekeza ndi maso:

```
madzi    #0B4F6C
matenda  #9A3412
mawu     #1F6B3A
lipoti   #3B3B3B
```

Mawu oyera pa chikasu kapena pa mtundu wotuwa wa mtambo amaoneka bwino pa kompyuta mu ofesi, koma pa foni yaing'ono masana a Okutobala pa Kamuzu Road sawerengeka. Dzitumizireni chikutocho pa WhatsApp, mutuluke nacho panja padzuwa, foni muitalikitse kutalika kwa mkono. Mukatsinzina kuti muwerenge, chalephera. Mukakhutira nacho, dinani `Lock` pa kalamba, chizindikiro ndi kamuvi kuti zisasunthe mwangozi, ndipo sabata iliyonse muzigwira ntchito pa `Make a copy`, chikombole chenichenicho osachikhudza.

Pali chinthu china chimene malangizo ambiri a kunja saganizira. Pa Instagram zithunzi zimayenda mondondozana, ndipo mutha kuika mpaka 20. Koma anthu anu ambiri ali pa Facebook ndi pa WhatsApp. Pa Facebook zithunzi zingapo zimaunjikana, zochepa n'kuoneka, zotsalazo n'kubisika kuseri kwa nambala. Pa WhatsApp munthu amasankha chimodzi chimene chamugwira mtima n'kuchitumiza ku gulu la mpingo kapena la banki mkhonde, chopanda anzake. Choncho tsamba lililonse liziima palokha: chiganizo chathunthu, dzina la mndandanda pakona, ndi nambala yake, monga 3/6. Chiganizo choyambira tsamba lachiwiri n'kukathera lachitatu n'chotayika. Masamba asanu ndi limodzi ndi okwanira. Bandulo ndi ndalama, ndipo amene ali ku Lifuwu netiweki ikuvuta sadikira zithunzi 15.

Titenge sabata yachiwiri ya Okutobala, gawo la matenda. Kunja kwatentha, ana akuswera m'nyanja, ndiye mutu ndi likodzo. Chikuto chili mu mtundu wofiirira wa gawoli, chithunzi ndi gombe la bango pamene madzi sayenda, ndipo mutu ndi "Magazi mumkodzo si kukula". Zilembo zake zikukwana mizere iwiri, ndipo ukulunjika pa zimene ena amakhulupirira zoti mnyamata akatero ndiye kuti wakula. Mutu woti "Zokhudza matenda a likodzo" ndi woona, koma palibe amene angaimitse chala chifukwa cha iwo. Tsamba lachiwiri linene chimene chimayambitsa: tizilombo totuluka mu nkhono za m'madzi timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kuwedza. Lachitatu lifotokoze kuti wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilomboto amaswa, tizilombo n'kulowanso mu nkhono, matenda n'kumazungulira. Lachinayi litchule zizindikiro: magazi mumkodzo ndi kuwawa pokodza. Lachisanu linene kuti likodzo limachizika ndi mankhwala a kuchipatala, koma munthu atha kulitenganso akabwerera m'madzi omwewo. Lomaliza lipemphe chinthu chimodzi chokha: mwana amene ali ndi zizindikirozi apite naye kuchipatala sabata ino. Osaonjezerapo zoti atitsatire, atithandize ndi ndalama, abwere ku msonkhano. Zopempha zikakhala zinayi, munthu sachita ngakhale chimodzi. Tsamba lililonse lisapitirire mawu 25, ndipo zilembo zisachepere mapikiselo 40.

Pa chikuto chimenechi musaikepo nkhope ya mwana. Ngakhale kholo litasaina chilolezo, nkhope pamwamba pa mawu oti "magazi mumkodzo" imauza mudzi wonse kuti mwanayo ndi wodwala, ndipo anzake kusukulu sadzamusiya. Chithunzi chikalowa m'magulu a WhatsApp simungachibwezenso. Nkhope zisungireni gawo la mawu a m'mudzi, kumene munthu wamkulu wavomera yekha, wawerengeredwa zimene mwalemba, ndipo wauzidwa kumene zikaonekere.

Mawu apansi pa zithunzi abwereze uthenga wonse m'ziganizo zitatu, chifukwa ena netiweki ikafooka amangoona mawu okha zithunzi osatseguka. Posunga, tchulani zithunzizo mayina oti zizindondozana zokha, monga `014_likodzo_01.jpg` mpaka `014_likodzo_06.jpg`. Chikuto chizikhala choyamba kusankhidwa nthawi zonse, popeza kawirikawiri Instagram imadula zithunzi zonse motengera kukula kwa choyambacho.

Za nthawi: musayambe kuika musanamalize kukonza zithunzi za masabata atatu, ndipo nkhokweyo isamatsike. Magetsi akazima Lachiwiri kapena wovomereza akapita ku msonkhano ku Lilongwe, Lachitatu lifikabe. Lolemba lembani mawu a sabata yachitatu kutsogolo. Lachiwiri auone mlangizi wa zaumoyo, akadali mawu okhaokha asanalowe pa chithunzi, chifukwa mukaika kale pa Instagram mutha kuchotsa tsamba lolakwika koma simungalowetsepo lina m'malo mwake. Lachinayi aikeni m'chikombole, kenako muwakonzeretu tsiku ndi ola mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera masamba a Facebook ndi Instagram. Wovomereza akhale mmodzi, ndipo muuzeni poyambirira kuti akuona ngati nkhani ndi yoona, osati ngati mtundu wamusangalatsa.

Pakatha masabata asanu ndi atatu gawo lililonse lidzakhala litatuluka kawiri. Pamenepo tsegulani `Insights`, pamene pamaonekera ziwerengero za tsamba lanu, n'kulemba m'kope anthu amene anaona, amene anagawira anzawo ndi amene anasunga, sabata ndi sabata. Ngati oona alipo koma ogawa palibe, vuto lili m'masamba a mkati, mwina mulibe chimene munthu angachite nacho. Ngati magawo onse ndi ofooka mofanana, yambani kukayikira mitu ya pa chikuto, ndipo musinthe kalembedwe ka mutu kokha, chikombole chikhale. Ngati gawo limodzi lokha ndi limene likutsalira, kawirikawiri limakhala la lipoti. Limeneli musalichotse, poti amene amakuthandizani ndi ndalama amaliwerenga, koma mutu wake uzitchula chinthu chogwirika, monga mjigo wa mudzi wakutiwakuti umene wayambanso kutulutsa madzi, m'malo mwa msonkhano umene munachititsa. Zimene zikuyenda pa WhatsApp `Insights` saziona, ndiye funsani ogwira ntchito anu a m'midzi akuuzeni tsamba limene aliona likuzungulira m'magulu awo, mulilembenso m'kope momwemo.