Akundifuna kapena ndi ulemu chabe?

"Abale ndithandizeni. Pali mtsikana wina kuntchito kwathu ku Nchalo. Amandipatsa moni akumwetulira, dzana anandigawira madzi ozizira, ndipo nditadwala malungo anandiimbira foni. Kodi si ndiye kuti akundifuna?"

Achimwene, pa zimene mwatchulazi palibe chimene chikusiyanitsa chikondi ndi umunthu wamba. Kuchigwa kuno dzuwa la mu Okutobala likafika paliwombo, madzi timapatsa ngakhale mlendo wodutsa m'njira, ndipo kuzonda wodwala ndi mwambo wathu tonse.

Chimene chimasokoneza ndi chiyembekezo. Mtima ukafuna yankho loti inde, maso amatola zogwirizana nalo zokhazokha. Akayankha uthenga msanga mumati "mwaonatu". Akakhala chete masiku awiri mumamupezera chifukwa nokha: mwina bandulo yatha, mwina magetsi anazima. Zikatero, kuyankha kwake ndi kusayankha kwake zonse zasanduka umboni woti amakukondani, ndipo palibenso chimene angachite choti mumve kuti ayi.

Vutoli ndi la munthu aliyense. Mu 1960 katswiri wa za maganizo, Peter Wason, ankapatsa anthu manambala 2, 4, 6 kuti apeze lamulo lake. Ambiri ankaganiza kuti ndi kuwonjezera 2, n'kumayesa monga 8, 10, 12, akauzidwa kuti zikugwirizana n'kukhutira. Chonsecho lamulo linali manambala alionse okwera. Ankayesa zotsimikiza ganizo lawo, osayesa zolitsutsa.

Inuyo yesani zotsutsazo. Lekani kuwerenga zimene amakuchitirani, muone zimene amachitira inu nokha. Ngati mlonda wa pageti naye amamwetuliridwa, ngati mnzanu wina atadwala anaimbiridwanso, ndiye kuti mwapeza munthu wamtima wabwino basi.

Kenako kwa milungu iwiri musayambitse ndinu macheza. Moni perekani mwa masiku onse, osachita kunyanyala, koma uthenga musatumize. Musanayambe, lembani papepala kuti: "Akapanda kundifunafuna yekha, ndiye kuti ndimadzinamiza." Kulemberatu n'kofunika kwambiri, chifukwa mukadikira zotsatira mtima udzasinthanso muyeso. Wokufunani amayambitsa yekha nkhani zosakhudza ntchito, amafunsa za kwanu, ndipo akalephera kukumana nanu amatchula yekha tsiku lina.

Mayesowa ali ndi malire. Wina amakhala phee chifukwa cha manyazi kapena kuopa miseche ya kuntchito. Choncho ngati mukukayikabe, mufunseni kamodzi, mwachindunji, pamalo poti akhoza kukana momasuka. Akati "muli ngati achimwene anga", kapena "ndiganize kaye" mwezi n'kutha osabwezanso mawu, wakana mwaulemu, musamuumirize.

Ndipo ngati ndinu kapitawo wake, chonde samalani kwambiri. Munthu amene ntchito yake ili m'manja mwanu amamwetulira ngakhale asakufuna, ndipo mukamufunsira akhoza kuopa kukana poteteza ntchitoyo.