Chotupa cha m'khosi: chowawa ndi chosawawa

"Patha masiku 6 ndili ndi chotupa chowawa kunsi kwa chibwano, kumanja. Dzino lakumbali yomweyo limandivutanso. Kodi si khansa imeneyi? Tulo sindikuona."

Pepani mayi, koma mtima ukhale pansi kaye. Chimene mwafotokozachi chikuoneka kuti ndi mwanabere. M'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche muli timibulu ting'onoting'ono togwira ntchito ngati sefa, timakola tizilombo tochokera mbali ya thupi imene tayandikana nayo. Ta kunsi kwa chibwano timalandira zochokera m'kamwa, ndiye dzino likabola timatupa n'kumawawa. Ta m'khwapa timatupa chifukwa cha bala lapadzanja kapena chithupsa, nthawi zinanso vuto la m'bere.

Chikhudzeni ndi nsonga za zala zitatu, mopepuka. Mwanabere wobwera ndi matenda wamba amakhala wofewa, amaterereka pansi pa khungu, ndipo amatulukira msanga. Kwa inu chofunika chithandizo ndi dzinolo. Likachira, ululu utha m'masiku ochepa, chotupacho n'kuphwa pang'onopang'ono m'milungu 2 mpaka 4. Musamachifinye, chimangonyanya. Koma khungu likayamba kutentha ndi kunyezimira, pakati n'kumamveka ngati pali madzi, ndiye kuti mwalowa mafinya ofunika kuchotsedwa kuchipatala. Kutupako kukamakulepheretsani kumeza, kutsegula pakamwa kapena kupuma, pitani tsiku lomwelo.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chotupa chosawawa, chifukwa munthu amangoti poti sichikupweteka, chidzatha chokha. TB ya m'khosi imabwera choncho. Anabere amakula mwakachetechete kwa milungu yambiri, amamatirirana, mwina n'kuphulika n'kumachucha osapola, pamene munthuyo sakutsokomola n'komwe. Imachira ndi mankhwala a miyezi 6. HIV nayo imatupitsa anabere, kawirikawiri malo angapo nthawi imodzi, mbali zonse ziwiri.

Cha khansa nthawi zambiri chimakhala cholimba gwa, chosasuntha, ndipo chimangokulirakulira. Ululu wokha sutsimikiza kuti si khansa, n'chifukwa chake nthawi ndiyo yofunika kuiwerenga. Chikapitirira milungu 4 osaphwa, chikakula kupitirira masentimita 2, kapena mukamatuluka thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kutentha thupi ndi kuwonda popanda chifukwa, musadikirenso. Chotupa chimene chili pamwamba penipeni pa fupa lopingasa lija, lochoka paphewa kudza pachifuwa, chionedwe msanga ngakhale chikhale chaching'ono, chifukwa anabere a pamenepo amalandira zochokera m'mapapo ndi m'mimba.

Dokotala sangadziwe pongogwira. Amatenga timadzi ndi singano yopyapyala, kapena amachotsa mwanabereyo kuti akapimidwe. Ngati mwamwa kale maantibayotiki koma chotupa chili pomwepo, funsani za kupimako m'malo mongolandira mankhwala ena.