Telala sasoka asanayeze

"Akulu, ndimawerenga zimene mumalemba. Chonde ndipangireni taimutebulo yowerengera, ndikufuna ndikhoze bwino Fomu 4. Ndidikira yankho lanu."

Zikomo achimwene. Koma mwachita ngati munthu wofika kwa telala n'kunena kuti "ndisokereni", nsalu osabweretsa, muyeso osatenga, tsiku la ukwati osatchula. Nditha kukujambulirani mabokosi okongola, Lolemba masamu, Lachiwiri bayoloje, koma pepalalo lidzangokhala chokongoletsa khoma.

Tiyambe ndi mawu akuti "bwino". Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Wofuna yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza kwambiri. Ndiye wofuna sitifiketi yofunsira ntchito ndi wofuna zaunamwino sangawerenge mofanana. Inu muli mbali iti?

Poti simunandiuze, ndiyerekeze za munthu wongopeka. Akubwereza Fomu 4 pa sukulu ya masana, m'mawa amathandiza pa okala ya amayi ake, ndipo kwatsala masabata 20 kuti MANEB iyambe mayeso. Pakati pa sabata amapeza ola ndi theka patsiku, Loweruka maola atatu, Lamulungu akaweruka ku tchalitchi ola ndi theka. Pa sabata ndi maola 12. Masabata anayi omaliza ndimawapatula kuti akhale oyankha mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, wotchi ili patsogolo. Ena awiri ndimangowachotseratu, chifukwa maliro, malungo ndi kukolola chimanga sizipempha chilolezo. Atsala masabata 14, kutanthauza maola 168. Akawagawa mofanana pa maphunziro asanu ndi awiri amene analembetsa, lililonse lipeza maola 24 okha. Silabasi yonse ya masamu singalowe m'maola 24.

Apa m'pamene magiredi ake akale amagwira ntchito. Tinene kuti anapeza Chichewa 3, zaulimi 4, bayoloje 5, jogalafe 6, Chingerezi 7, masamu 8, fizikisi 9, ndipo akufuna makirediti asanu ndi limodzi. Anayi ali kale m'manja, ngakhale kuti jogalafe ili m'mphepete mwa phompho. Nkhondo yeniyeni ili pa Chingerezi ndi masamu. Pa maola 12 aja, Chingerezi nditha kuchipatsa atatu, masamu atatu, jogalafe awiri, bayoloje awiri, zaulimi limodzi, Chichewa limodzi. Fizikisi? Palibe chatsala. N'zowawa, komanso n'zoika moyo pachiswe, chifukwa phunziro limodzi mwa asanu ndi limodziwo likapanda kuyenda alibe lina lomupulumutsa. Komabe kukweza 9 kufika pa 6 kumadya maola ambiri kuposa kukweza 7. Koma atati cholinga chake ndi uinjiniya, zonsezi zigubuduka: fizikisi sangaisiye, ndipo ine ndingamuuze mosabisa kuti maola 12 sakwana, akambirane ndi amayi za okala ija.

Ophunzira ambiri amachita zosemphana ndi izi. Amakakamira phunziro limene amalikonda poti kuliwerenga kumakoma, masamu n'kumangowazengereza mpaka mwezi wa Meyi.

Tsono pali zimene muli nazo m'nyumba. Kulemba kuti "masamu 8 koloko usiku" n'kosavuta, koma ngati kwanuko mumadalira tochi imodzi banja lonse, kapena magetsi amathima nthawi yomweyo, masamuwo apite m'mamawa kukangocha. Ngati buku la bayoloje mumabwerekana anthu atatu, tsiku la bayoloje ndi limene bukulo lili kwa inu, osati limene ine ndalemba. Ngati palibe wokuchongerani chimangirizo cha Chingerezi, maola atatu aja mudzangokhala mukubwereza zolakwika zomwezo. Pezani kaye mphunzitsi kapena mnzanu amene anakhoza, mugwirizane tsiku.

Musanandilemberenso, chitani ichi kwa masiku asanu ndi awiri: usiku uliwonse lembani kumbuyo kwa kope maola amene mwawerengadi, osaphatikiza nthawi imene buku linali pamiyendo maso ali pa foni. Ambiri amene amati amawerenga maola anayi amadabwa akaona nambala yeniyeni. Munditumizire nambala imeneyo, chaka chimene mukulemba, magiredi a mayeso oyeserera kapena a chaka chatha, kosi imene mukufuna, ndi mabuku amene muli nawo. Mundiuzenso ngati mumagwira ntchito kapena muli ndi mwana wofuna kumusamala.