Kukweza mitengo m'golosale popanda kuthamangitsa makasitomala

Funso: "Ndili ndi kagolosale ku Luchenza. Shuga, mafuta ophikira ndi sopo zakwera kooda ku Limbe, ndipo ndikapanda kukweza nditseka. Ambiri ogula kwa ine ndi anansi komanso ogwira ntchito ku esiteti amene amatenga pangongole. Ndilembe bwanji chidziwitso kuti asandide?"

Mayi, musanagwire cholembera yambani mwawerengera, chifukwa tsiku limene mulembe pa chidziwitsocho lichokera m'masamu anu. Tiyerekeze ndi shuga, ziwerengerozi ndangoika kuti tione njira, inu muikemo zanu. Belo la mapaketi 20 mumaoda pa K56,000, thiransipoti ya belolo kuchokera ku Limbe n'kukhala K2,000. Ndiye kuti paketi imodzi imafika pa shelefu yanu pa K2,900, inu n'kumagulitsa K3,200, phindu K300. Tsopano belo lafika pa K62,000. Kuphatikiza thiransipoti ija, paketi ikufika pa K3,200, mtengo womwewo umene mukugulitsira. Kuti phindu lanu la K300 libwerere, mtengo watsopano ndi K3,500.

Tsono onani mapaketi akale amene atsala pa shelefu. Akakhala 12, mukawagulitsa pa mtengo wakale mupeza K38,400, ndipo ndalama imeneyi ikwanira kuodanso mapaketi 12 pa mtengo watsopano. Phindu palibe, koma mpamba sunakhudzidwe. Pamenepa mukhoza kupatsa anthu masiku angapo akugula pa mtengo wakale. Koma katundu amene mtengo wake wooda wadumpha kupitirira mtengo umene mukugulitsira, monga zimachitikira ndi mafuta nthawi zina, musamuikire masiku ambiri, chifukwa botolo lililonse lotuluka likudya mpamba. Amene tinali pa geni mu Novembala 2023, kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, tinaona anzathu akugulitsa katundu yense pa mtengo wakale mokondwa kuti malonda ayenda, kukafika kooda ndalama osakwana kudzaza shelefu.

Mukadziwa masiku amene mungakwanitse, yang'anani tsiku la malipiro ku esiteti. Ine ndimati mtengo watsopano uyambe patapita tsiku limodzi kapena awiri anthu atalandira, osati tsiku lenilenilo. Mukakweza tsiku la malipiro, ngakhale chifukwa chanu chikhale choona, pamsika padzamveka kuti mayi aja amadikira kuti tilandire. Mukawasiyira mpata, munthu amabweza ngongole yake, n'kugulako paketi imodzi pa mtengo umene anauzolowera, ndipo mtengo watsopano ukamafika amakhala ataumva kale.

Chidziwitsocho chikhale chachifupi. Ine ndikanalemba chonchi:

"Makasitomala athu okondedwa, kuyambira Lolemba pa 3, mitengo ya zinthu zitatu izi isintha chifukwa yakwera kumene timaoda. Shuga wa 1kg achoka pa K3,200 kufika pa K3,500. (Apa mulembe mafuta ndi sopo chimodzimodzi, mtengo wakale ndi watsopano.) Katundu wina yense mtengo wake sunasinthe. Kufikira Lamulungu tigulitsa pa mtengo wakale, mapaketi awiri pa munthu. Ngongole zonse zimene zili m'kabuku zibwezedwa pa mtengo wa tsiku limene munatengera katunduyo. Zikomo chifukwa chotigula nthawi zonse."

Chiganizo cha kabuku ka ngongole chija musachisiye, ndicho chimene anthu anu adzayamba kufunafuna. Munthu amene anatenga shuga sabata yatha pa K3,200 akadzamva pobweza kuti ndi K3,500, kwa iye mwamubera, ngakhale inu mukuona kuti ndalama yake ikabwera mukaodera pa mtengo wokwera. K300 imeneyo ilekeni ipite. Ndipo ngati m'kabuku mumangolemba kuti "shuga 1, sopo 2" popanda mtengo, kuyambira lero muzilemba mtengo ndi tsiku pambali, mwini wake akuona. Mikangano yambiri ya pa kauntala imachokera pamenepa. Ngati mukufuna kuchepetsa ngongole poti mpamba wafinyika, imeneyo ndi nkhani ina, muikambe ndi munthu aliyense payekha. Kuiphatikiza m'chidziwitso chomwechi kumamveka ngati mwakwiyira anthu onse nthawi imodzi.

Malire a mapaketi awiri aja ali ndi ntchito yake. Mukapanda kuwaika, wina wa benchi pamsika abwera m'mawa kudzasesa onse 12 kuti akagulitse pa mtengo watsopano, agogo amene mumafuna kuwaganizira n'kupeza shelefu ili mbee.

Chifukwa chokwezera chikhale cha mzere umodzi basi, ndipo chikhale chanu chenicheni. Musalembe za dola, za boma kapena za ndale, anthu amazimva kale pa wailesi ndipo mungodziitanira mtsutso pakhomo pa shopu. Musachulukitsenso kupepesa. Chidziwitso chodzaza ndi "pepani kwambiri, tikhululukireni" chimapatsa anthu maganizo akuti mtengowo ndi wokambirana, ndiye aliyense ayamba kunenerera. Risiti ya kooda muisunge pafupi, wina akakayika mumuonetse mwaulemu. Mawu akuti "mitengo yonse yakwera" muwapewe ngati zakwera ndi zitatu zokha, chifukwa munthu akawerenga zimenezo amasiya kugula ngakhale machesi ndi mchere kwa inu.

Pepalalo lembani ndi maka pa katoni kapena pa pepala lalikulu, mumate pamene munthu amaima polipira, ndipo mitengo ya pa shelefu muisinthe m'mawa wa tsiku lomwelo. Pa shelefu pakalembedwa mtengo wina inu n'kutchula wina, wogula ali ndi chifukwa chodandaulira. Ikaninso pa sitetasi ya WhatsApp. Koma kwathu kuno pepala palokha silikwanira. Ena sawerenga, ena safika n'komwe pa shopu, amatuma ana ndi ndalama yokwanira ndendende. Mwana akabwezedwa kuti ndalama yachepa, kunyumba amayamba kumukayikira kuti wadyako, kenako mkwiyo umatembenukira kwa inu. Sabata yoyambayo, mwana akabwera ndi ndalama yakale mupatseni katunduyo, mulembe yotsalayo pa kapepala apite nako kwa makolo ake. Makasitomala anu akuluakulu, aja ogula mwezi ndi mwezi ndi amayi ophika mandasi amene amatenga shuga ndi mafuta ambiri, muwauze pakamwa pepala lisanamatidwe. Wa mandasi amafunika nthawi yoti nayenso akonze mtengo wake.

Pali njira ina imene ambiri amathawirako, yochepetsa muyezo mwakachetechete: mafuta oyeza kuthira pang'ono m'kachubu, shuga womanga m'timapepala kuchotsako supuni, mtengo n'kukhala womwewo. Amayi ophika tsiku ndi tsiku amazindikira msanga, ndipo sakuuzani, amangosamukira kwa mnzanu. Ngati mukufuna kuti wa ndalama yochepa azipezabe kanthu, onjezani muyezo wina waung'ono n'kunena poyera kuti wakale uja tsopano ndi wakuti, ndipo pali wina wochepa wa mtengo wakuti.

Za kulonjeza kuti "zikatsika kooda nafenso titsitsa", lembani pokhapokha ngati mudzachitadi, chifukwa ku Luchenza anthu okwera minibasi kupita ku Limbe ndi ambiri ndipo mitengo ya kumeneko amaidziwa. Komanso ikani mtengo wothera pa K100 kapena K500, kuti nkhani ya chenje isakuvuteni pa kauntala.